Owerenga Khoma la Chitsime ku Marka

Bambo wina wokumba zitsime ku Marka sakwirira khoma la dzenje ndi njerwa asanalijambule. Amapala khomalo ndi fosholo kuti liyere, nkupanikiza bokosi la machesi m'dothi, kenako nkutulutsa foni yake yang'onoang'ono. Bokosilo ndi muyeso. Popanda ilo, munthu woona chithunzi sangadziwe ngati mzere wa mchenga uli wokhuthala chala chimodzi kapena mkono wathunthu.

Zokumba sizifuna mawu ambiri: piki, chingwe, ndowa ndi mnyamata wokoka dothi. Chondigwira mtima ndi momwe bamboyu amawerengera khoma. Pa chithunzi chimodzi, pansi penipeni pali timiyala tobulungira, pamwamba pake mchenga wokhakhala, kenako mchenga wosalala, nkumalizira dongo lakuda lokhuthala ngati zala ziwiri. Pamwamba pa dongolo, mwadzidzidzi, timiyala tayambiranso.

"Apa, akulu, ndi madzi amodzi," anatero akuyendetsa chala kuchokera pa timiyala kufika pa dongo. "Akubwera ndi ukali amaponya zolemera. Akamatopa amasiya mchenga. Akaima, matope amakhazikika. Mukaona miyala yayambiranso, ndiye kuti chaka china anabweranso."

Katswiri wa miyala sangatsutse mawu amenewa. Madzi akamachepa liwiro amayamba kutula zolemera, zopepuka pambuyo, ndipo mzere wakuthwa pakati pa dongo ndi timiyala ndi malire a kusefukira kuwiri. Anthu amene anaona Shire akudzaza dambo la Ndindi mu 2015, ndiponso pa namondwe Freddy mu 2023, safunika kuwauza mphamvu ya madzi otere. Maonekedwe a timiyala nawonso amanena kanthu. Tobulungira tayenda mtunda wautali tikukhulana, pomwe tansongansonga tatsika chapafupi, m'mitsinje yochokera kumapiri a m'malire kumadzuloku. Kwa wokumba iyi si nkhani yokoma chabe ayi. Mchenga wokhakhala wogona pa dongo umasunga madzi, komanso ndi womwewo umene umagumuka nkukwirira munthu.

Kumpoto, ku Ngabu, kuli ena owerenga miyala: okumba ageti wobiriwira ngati thambo. Kunja mwalawu suoneka kanthu, ndi chibulumwa chokhakhala. Ukauswa, muli mizere yozungulirazungulira ngati anyezi wodulidwa pakati. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo chiphalaphala chamoto chinayenderera m'derali, ndipo pozizira mpweya unasiya mabowo m'mwala wakudawo. Madzi onyamula mchere wa galasi analowa m'mabowomo nkumamata khoma pang'onopang'ono, kuyambira kunja kulowera mkati. Choncho mzere wakunja ndiwo wakale, wapakati ndiwo womaliza. Mpata ukatsala, pakatipo pamamera timano tonyezimira, ndipo chibulumwa chonse chimasunga maonekedwe a bowo lija.

Apa ndi pamene chithunzi chimasanduka ndalama, ndipo mtima wanga sukhazikika. Wogula ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe, amaona mwala pa foni nkutchula mtengo.

"Ukaunyowetsa, mtundu umatuluka bwino," anatero wokumba wina. "Koma akafika amati pa chithunzi unali wina, nkudula mtengo pakati."

Mayi wina wosankha miyala anawonjezera kuti: "Ming'alu sioneka mwala uli wonyowa. Ine ndimajambula kawiri, wouma ndi wonyowa, pamthunzi, kuti asapeze ponamizira."

Mayiyu walondola. Madzi amadzaza ming'alu yaing'ono nkuibisa, dzuwa la masana a kuchigwa limafufutitsa mtundu, ndipo chithunzi sichinena kulemera kapena kulimba kwa mwala. Amene wakhala tsiku lonse m'dzenje ndiye amaudziwa mwalawo, koma sindiye amatchula mtengo.

Chinyengo china sichichokera kwa munthu. Pa miyala ina yosweka pamaoneka timitengo takuda ta nthambi zambirimbiri, ndipo woipeza amathamanga poganiza kuti watola chomera chakalekale. Kawirikawiri ndi mchere wa manganizi umene unalowa ndi madzi m'mng'alu nkuyanga. Umazindikirika chifukwa ndi wophwatalala ngati wopaka, nthambi zake sizitsata dongosolo, ndipo umangotsata mng'alu. Tsamba lenileni, monga amene amapezeka m'miyala yogona limodzi ndi malasha a pansi onga a ku Mwabvi ndi ku Lengwe, limakhala ndi malire ake, msana pakati ndi timitsempha tobwerezabwereza, ndipo limagona motsata mizere ya mwalawo, pamene linagwera m'matope.

Akatswiri ophunzira ali kutali, ku dipatimenti yofufuza za miyala ku Zomba, ndipo sangakhale pa dzenje lililonse. Chitsime chikamangidwa njerwa, khoma lija silidzaonekanso. Mbiri ya kusefukira kwa madzi pamalopo imatsala m'foni ya wokumba, imene akasowa ndalama ya chimanga mwezi wa Febuluwale amaigulitsa pamodzi ndi zithunzi zake zonse.