Nsembe ya mwana wodwala siipita kwa Mulungu

Ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa ku Tanzania, Namalenga ali ndi mayina angapo. Anyanja a m'mphepete mwa nyanja amati Mulungu, Amatengo a kumapiri a Mbinga amati Sapanga, pomwe Angoni a ku Songea amati Chapanga. Komatu pa chipembedzo cha makolo, banja silithira nsembe kwa iye. Ufa ndi mowa zimapita kwa mizimu, yomwe Amatengo ndi Angoni amaitcha mahoka.

Mwana akadwala osamva mankhwala, akuluakulu amapita kukaombeza. Woombeza safunsa ngati Mulungu wakwiya. Amafufuza kuti mwa akufa a banjalo wadandaula ndani: kaya agogo amene manda awo sanalambulidwe, kaya wina amene dzina lake silinapatsidwe kwa mdzukulu aliyense. Akatero amafulula mowa, mkulu wa banja n'kupita kumanda kapena patsinde pa mtengo, kuthira ufa, kutchula mzimuwo dzina ndi kuupepesa monga mmene akanachitira uli moyo. Mwana akachira, nsembe yalandiridwa. Akapanda kuchira amabwerera kwa woombeza, poti mwina anapepesa mzimu wolakwika, kapena nkhaniyo ndi ya ufiti.

Mphamvu ya mzimu ili ndi malire. Umalanga ndi kuteteza a mtundu wake okha, sungavutitse mwana wa mnansi. N'chifukwa chake chilala, chomwe sichisankha banja, chimafuna mizimu ya mafumu kapena akachisi akuluakulu. Kutsidya kwa nyanja, Achewa ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula kwa Chisumphi, ndipo Amang'anja ali ndi Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje.

Ku China wakale zinkayendanso chimodzimodzi, koma kumeneko linali lamulo. Banja lililonse linkapereka chakudya kwa makolo ake, ndipo mpaka lero anthu amasesa manda pa chikondwerero cha Qingming mu Epulo. Nsembe ya Kumwamba ankapereka ndi mfumu yaikulu yokha, pa kachisi wa ku Beijing amene anamangidwa mu 1420.

Aakani a ku Ghana ndiwo amasokoneza amene amakonda kunena kuti Mulungu wa Afirika ali kutali. Pabwalo la nyumba ankazika mtengo wamphanda, Nyame dua, n'kuikapo mbale ya zopereka kwa Namalenga mwini, popanda mkhalapakati. Ashona nawo amati Mwari amalankhula m'mapanga a ku Matonjeni.

Amishoni a UMCA atakhazikika pa Likoma mu 1885, dzina la Mulungu analipeza kale, n'kulilowetsa m'mapemphero awo. Chinavuta ndi mizimu. Komabe mmodzi wa amishoniwo, William Percival Johnson, amene anayenda magombe amenewa zaka zoposa 40, anamwalira mu 1928 n'kuikidwa ku Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay, ndipo Akhristu a Anglikani amapitabe kukapemphera pa manda ake.