Mphindi Khumi M'chipinda Chophunzirira Uzamba

Pabedi pagona chidole, koma ophunzira akuuzidwa kuti ndi mayi wa ana asanu amene wangochira kumene. Matenda anatenga usiku wonse ndipo nsengwa yatuluka. Mphunzitsi akutsegula kapaipi kobisika, madzi ofiira n'kuyamba kunyowetsa chitenje.

Wophunzira watcheru amaitana anzake msanga, kenako n'kugwira pamimba. Akapeza chiberekero chili chofewa, ndiye kuti sichinakhwinyate, ndipo kutaya magazi kwambiri pochira nthawi zambiri kumayambira pamenepa. Iye achisisite mpaka chilimbe, wina aike diripi ndi kupereka mankhwala a okisitosini, wachitatu atulutse mkodzo ndi kachubu, poti chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukhwinyata. Magazi opitirira theka la lita ndi ngozi kale, koma maso amanama, chifukwa nsalu zimamwa ambiri. Mphunzitsi akalengeza kuti mtima ukugunda ka 120 pamphindi, amene akudikira kuti BP itsike wachedwa, pakuti imatsika mochedwa.

Chidole chikavundikiridwa, onse amakhala pansi, ndipo mphunzitsi wabwino safunsa kuti walakwa ndani. Munazindikira liti kuti zinthu zavuta, ndipo munaona chiyani? Ndani ankatsogolera? Chiberekero chikanalimba koma magazi osaleka, mukanayang'ana kuti? Apa akufuna amve za kung'ambika kwa njira kapena zidutswa za nsengwa zotsalira. Funso limene limawasowetsa chonena ambiri ndi lakuti, ndani analankhula ndi mayiyo? Kawirikawiri palibe.