Mafunso amene Target ikanafunsidwa isanalowe m'Canada

M'sukulu zophunzitsa za bizinesi muli ntchito ina imene ophunzira ambiri amaiopa. Gulu limapatsidwa kampani, nkuuzidwa kuti likafotokoze pamaso pa aphunzitsi ndi anzawo mmene kampaniyo ingayambire malonda m'dziko lachilendo. Kufotokozako sikuvuta kwenikweni. Thukuta limatuluka ikakwana nthawi ya mafunso, ndipo nkhani ya Target ku Canada imasonyeza bwino mafunso amene ali ndi mano.

Target ndi kampani ya ku America ya masitolo akuluakulu ogulitsa zovala, ziwiya ndi zakudya. Mu 2011 inalipira ndalama za ku Canada zokwana madola 1.8 biliyoni kuti itenge malo amene kampani ya Zellers inkachita lendi. Masitolo oyamba anatsegulidwa mu Marichi 2013, ndipo pomatha chakacho anali atakwana 124. Mu Januwale 2015 Target inalengeza kuti ikutseka masitolo onse 133, ndipo anthu pafupifupi 17,600 anachotsedwa ntchito.

Ophunzira amakonda kuyamba ndi kukula kwa msika: anthu ndi ochuluka chotere, amapeza ndalama zotere. Pamenepa Target ikanakhoza mayeso, chifukwa anthu a ku Canada ankaidziwa kale ndipo ambiri ankawoloka malire kukagula m'masitolo ake ku America. Funso lolasa mtima ndi ili: njira yolowera imene mwasankhayi ikukukakamizani kuchita chiyani? Kampani itha kuyamba ndi sitolo zochepa, kugwirizana ndi eni dziko, kapena kugula malo ambiri nthawi imodzi. Target inasankha yomalizayi. Kuyambira tsiku limene inatenga malowo, lendi inayamba kuwerengedwa, kaya m'sitolomo mwalowa wogula kaya ayi. Mwezi uliwonse wochedwa unali ndalama yongotayika, motero mabwana sanafune kumva zoti tsiku lotsegulira lisunthidwe, ngakhale pamene antchito ankaona kuti zinthu sizinakonzeke. Wophunzira akanena kuti "tidzatsegula sitolo 100 m'chaka chimodzi", mufunseni ngati liwirolo akulifuna ndi ogula kapena ndi eni nyumba.

Funso lachiwiri limaoneka lotopetsa, nchifukwa chake ambiri amalilumpha: katundu adzayenda bwanji kuchoka kwa wopanga mpaka pa shelefu, ndipo njirayo inayesedwapo? Ku Canada, Target sinagwiritse ntchito makina a kompyuta amene inawazolowera kwawo. Inagula atsopano a SAP, ndipo antchito amene anali asanazolowere ntchito analowetsamo mothamanga tsatanetsatane wa mitundu zikwizikwi ya katundu. Zolakwika zinali zing'onozing'ono: mainchi m'malo mwa masentimita, utali polemba mulifupi, nambala ya katundu yosokonezeka. Koma kompyuta ikapatsidwa muyeso wolakwika wa katoni, imawerengera molakwika makatoni olowa m'lole ndi okwana pa shelefu. Zotsatira zake, nyumba zosungiramo katundu zinadzaza mpaka kusefukira pamene mashelefu m'sitolo anali mbee. Ogula ankajambula mashelefu opanda kanthuwo nkumatumizirana. Chizindikiro cha dongosolo losapsa nchosavuta kuchiona: wofotokoza amathera mphindi khumi pa zotsatsa malonda, koma za kayendedwe ka katundu amangoti "zimenezo tidzakonza".

Za mitengo tingadutse msanga. Ogula a ku Canada sankayerekeza Target ndi Walmart yokha, imene inali m'dzikomo kuyambira 1994. Ankaiyerekezanso ndi Target ya kutsidya kwa malire, ndipo ataona kuti kwawo zinthu zikudula, anakhumudwa. Choncho funsani kuti wogula adzayerekeza mtengo wanu ndi wa yani.

Funso limene ine ndimaliyika patsogolo, ngakhale limafunsidwa kawirikawiri pomaliza, ndi lokhudza polekera. Mudzadziwa bwanji kuti zakanika, ndipo kutuluka kudzadya ndalama zingati? Yankho labwino limatchula nambala ndi nthawi, mwachitsanzo kuti sitolo khumi zoyamba zikalephera kufika pa malonda akutiakuti pakatha miyezi 12, zina sizitsegulidwa. Target inalibe mpata woterowo poti inali itatsegula pafupifupi zonse. Brian Cornell, amene anakhala mkulu wa kampaniyi mu 2014, ataona mabuku anapeza kuti phindu ku Canada silingayambe kuoneka chisanafike chaka cha 2021, ndipo anatseka. Pofika pamenepo nkuti madola oposa 2 biliyoni atalowa m'madzi.

Inu amene mukukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi, yankho la polekerali mulilembe musanayambe kukongoletsa zithunzi zanu. Ndipo ngati muli mbali yofunsa, musalole kuti wofotokoza akhale pansi asanatchule nambala imene ingamuchititse kusiya.