Netflix ikamangokubweretserani mafilimu amtundu umodzi

Tinene kuti mlamu wanu anabwera kudzacheza milungu iwiri, ndipo usiku uliwonse ankaonera masewero achikondi a ku Korea pa Netflix yanu. Iye wapita, koma masewero aja atsala. Mukatsegula, mzere woyamba, wachiwiri mpaka wachitatu ndi omwewo, chikhalirecho inu mumakonda mafilimu a nyama zakutchire.

Makinawa sadziwa kuti rimoti inali m'manja mwa ndani. Amangowerenga zochitika pa pulofailo: chomwe chaoneredwa, kwa nthawi yaitali bwanji, nthawi yanji, pafoni kapena pa kanema wa m'nyumba. Kenaka amayang'ana anthu ena oonera zofanana ndi zimenezo n'kukubweretserani zomwe iwowo anakonda. Zaka zanu, kapena zoti ndinu mwamuna kapena mkazi, Netflix imati siziwerengera. Zoonera posachedwa zimalemera kuposa zakale, n'chifukwa chake milungu iwiri ya mlamu ikhoza kukwirira chaka chanu chonse. Choipa n'chakuti mukatopa kufufuza n'kungodina chomwe chili pafupi, makina amati analondola, mawa awonjezera china chotero.

Umboni uli pa mzere wolembedwa "Because you watched". Dzina lotsatira mawuwo ndiye gwero la mzere wonsewo. Ngati filimuyo simukuidziwa, wina anaonera pa dzina lanu, kapena munagona sewero likudziyendera lokha.

Pokonza, tsegulani Netflix pa bulawuza, lowani pa Account, sankhani pulofailo yanu, kenaka Viewing activity. Pambali pa dzina lililonse pali kachizindikiro kobisira. Mukabisa gawo limodzi la sewero, mupatsidwa mwayi wobisa sewero lonse. Musathamangire kunena kuti zakanika, chifukwa zimatha kutenga maola 24. Palinso Hide all, koma ine sindiikonda: imasesa ndi zanu zomwe, makina n'kutsala opanda poyambira.

Kubisa kokha sikukwanira, muyenera kuwauza chomwe mukufuna. Nyenyezi zisanu zija zinachoka mu 2017, m'malo mwake munabwera chala chachikulu choloza kumwamba kapena pansi, ndipo mu 2022 anawonjezera zala ziwiri za filimu yomwe yakufikani pamtima. Lozetsani chala pansi pa masewero angapo omwe sakukusangalatsani, zala ziwiri pa mafilimu a nyama omwe munawakondadi. Kenaka fufuzani nokha mtundu womwe mukuufuna, muonere mpaka kumapeto. Kungolawa mphindi zitatu sikunena zambiri.

Mzere wa Top 10 wokha usakuvutitseni. Umenewo umaonetsa zomwe anthu a m'dziko lomwe muli akuonera kwambiri, ndipo susintha ngakhale mubise zingati.

Akaunti imodzi imalola mapulofailo asanu. Mlamu asanabwerenso, mutsegulireni yakeyake, ana nawonso yawo.