Chifukwa chake madzi amakwera okha m'kachubu ka galasi

Madzi amatsata kotsetsereka, aliyense amadziwa zimenezo. Koma tengani kachubu ka galasi koyera bwino, kotsegula mbali zonse ziwiri, kokhala ndi bowo la milimita 1, muviike nsonga yake m'mbale ya madzi. Madziwo amakwera m'kachubumo pafupifupi masentimita 3 kupitirira a m'mbalemo, kenako n'kuima. Palibe wayamwa, palibe wapopa. Nanga chawakweza n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani aimira pomwepo?

Madzi anapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu, timene timakokana. Ta m'kati timakokedwa mbali zonse mofanana, koma ta pamwamba tilibe anzake kumwamba kwake, choncho timakokedwera m'kati. Zotsatira zake, pamwamba pa madzi pamakhala pokungika ngati chikopa cha ng'oma. Kukungikaku kumayezeka: pa madzi oyera osatentha, milimita iliyonse ya m'mphepete imatha kunyamula mamiligalamu pafupifupi 7.3.

Chinthu chachiwiri ndi mgwirizano wa madzi ndi galasi. Madzi amakakamira galasi loyera kwambiri, moti m'mphepete mwake amakwawira m'mwamba potsata khoma. Mukayang'anitsitsa m'kachubumo muona kuti pamwamba pa madzi mpolowa pakati, m'mbali m'motukuka. Ngodya imene madzi amapanga pokumana ndi khoma ndiyo imasonyeza kumene kukungika kuja kukukokera. Pa galasi loyera ngodyayi imayandikira madigiri 0, kutanthauza kuti mphamvu yonse ikukokera m'mwamba.

Tsopano tiwerengere kachubu kathu kaja. Kuzungulira bowo la milimita 1 ndi mamilimita 3.14. Tikachulukitsa ndi 7.3, tipeza kuti m'mphepetemo mungathe kunyamula mamiligalamu 23 a madzi. Sentimita iliyonse ya madzi m'kachubumo imalemera pafupifupi mamiligalamu 8. Ndiye madzi amakwerabe mpaka kulemera kwawo kutafika pa 23, ndipo pamenepo ndi pafupifupi masentimita 3. Apa kukoka ndi kulemera zalingana, ulendo wathera pomwepo.

Bowo likachepa ndi theka, madzi amakwera kuwirikiza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti m'mphepete mokokera mwachepa ndi theka, pamene kulemera kwa sentimita iliyonse ya madzi kwachepa kanayi. Motero bowo la theka la milimita limakweza madzi masentimita 6, ndipo la mamilimita 0.2 limafikitsa pa 15. Dokotala wa ku England, James Jurin, anafotokoza za ubale umenewu mu 1718, ndipo lamuloli limadziwika ndi dzina lake. M'mabuku a sukulu amalilemba chonchi:

h = 2γ cos θ / (ρ g r)

Apa h ndi msinkhu umene madzi afika, γ ndi kukungika, θ ndi ngodya ija, ρ ndi kulemera kwa madzi pa muyezo wake, g ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, ndipo r ndi theka la kukula kwa bowo.

Ambiri akayesa zimenezi amapeza msinkhu wochepa, ndipo kawirikawiri vuto limakhala litsiro. Mafuta pang'ono chabe m'kati mwa kachubu amakulitsa ngodya. Ikafika madigiri 60, theka lokha la mphamvu ndilo limakokera m'mwamba, ndipo m'malo mwa masentimita 3 mupeza 1.5. Chizindikiro chake n'chakuti pamwamba pa madzi sipalowanso kwambiri pakati. Ikafika madigiri 90, madzi sakwera n'komwe. Ikapitirira pamenepo zinthu zimatembenuka: mekyuli wa m'mathemomita akale amakumana ndi galasi pa madigiri pafupifupi 140, choncho amatsika m'kachubu, pamwamba pake n'kutumphuka. Sopo wotsalira potsuka nayenso amasokoneza, chifukwa amachepetsa kukungika kwa madzi koposa theka.

Pali funso limene ana asukulu ochenjera amakonda kufunsa. Kachubu katakhala kafupi, tinene masentimita 2 okha pamwamba pa madzi, kodi madzi sangasefukire n'kumatuluka osaleka? Ayi. Akafika kukamwa kwa kachubuko, kulowa kwa pakati kuja kumachepa, kukokera m'mwamba kumachepanso mpaka kulingana ndi kulemera kwa madzi a masentimita 2, basi n'kuima. Mukapendeketsa kachubu kotalika, madzi amayenda mtunda wautali m'kati mwake, koma msinkhu wake kuchokera pa madzi a m'mbale susintha.

Mukafuna kuyesa nokha, tsukani kachubuko, mukatsukuluze kangapo ndi madzi oyera, munyowetse m'kati mwake musanayambe, ndipo muyeze kuchokera pamwamba pa madzi a m'mbale kufika pansi pa kulowa kuja. Gawani 30 ndi kukula kwa bowo m'mamilimita. Yankho lake ndiwo mamilimita amene madzi ayenera kukwera. Akaperewera kwambiri, tsukaninso kachubuko.