Thirakitala ya lizi: pangano likatha imakhala ya ndani?

Kopaletivi ya alimi ikafuna thirakitala koma ilibe ndalama zogulira pompopompo, nthawi zambiri imauzidwa kuti itenge pa lizi. Mapangano a lizi alipo awiri, ndipo pa tsiku losaina amaoneka ofanana: makina mwatenga, mwezi uliwonse mukulipira. Kusiyana kwake kumadzaoneka makinawo akaonongeka, ndalama zikavuta, ndiponso pangano likafika kumapeto.

Tiyerekeze kuti thirakitala ikugulitsidwa pa K60 miliyoni. Pangano loyamba, lomwe a kubanki amalitcha fainansi lizi, ndi ngongole yobwera mwa njira ina. Banki imagula thirakitalayo, nkuipereka kwa inu kuti muzilipira K1.8 miliyoni pamwezi kwa miyezi 48. Zonse pamodzi ndi K86.4 miliyoni, kutanthauza kuti banki yabweza ndalama zake zonse nkupezanso K26.4 miliyoni, yomwe ndi chiwongoladzanja ngakhale papepala asachitchule choncho. Mapepala a umwini amakhala m'dzina la banki, koma mavuto onse ndi anu. Matayala, sevisi, inshuwalansi, mumalipira ndinu. Injini ikafa m'chaka chachiwiri, thirakitala ili pamiyala, banki imafunabe K1.8 miliyoni yake. Simungangoibweza nkunena kuti zatikanika, chifukwa pangano lotere silithetsedwa pakati popanda kulipira gawo lalikulu la zotsala.

Pangano lachiwiri, oparetingi lizi, ndi lendi yeniyeni. Kampani ikukubwerekani thirakitala yomweyo kwa miyezi 24 pa K1.5 miliyoni pamwezi, zonse K36 miliyoni. Ndalamazi sizikufika pa mtengo wogulira, ndipo kampaniyo sikudandaula, chifukwa ikuyembekeza kulandiranso makina omwe ingagulitse kapena kubwereketsa kwa ena. Mitengo ya mathirakitala akale ikagwa, wotaya ndi iyo. Kawirikawiri sevisi ndi yawonso. Nchifukwa chake amaika malire a maola ogwiritsa ntchito pachaka, ndipo mita ya maola ikapitirira malirewo mumalipira ola lililonse loonjezera. Kopaletivi yomwe imalimanso minda ya anthu ena kuti ipeze ndalama iyenera kuwerengera bwino apa, chifukwa mu Okotobala ndi Novembala thirakitala siipuma.

Tsono mawu omwe amasocheretsa ambiri ndi akuti "mwayi wogula pamapeto". Uwu ndi ufulu wogula makinawo lizi ikatha. Simukakamizidwa kugula, komanso makinawo sasanduka anu okha chifukwa choti mwamaliza kulipira. Muyenera kudziwitsa mwiniwake, nthawi zambiri polemba kalata tsiku loikika lisanadutse, nkulipira mtengo womwe munagwirizana. Mpaka pamenepo simungaigulitse thirakitalayo kapena kuiika chikole, ngakhale mutakhala kuti mwalipira kwa miyezi 47.

Mtengo wa mwayi umenewu ndiwo umaulula mtundu wa pangano lomwe mwagwira. Ukakhala wochepa kwambiri, monga K1 miliyoni pa thirakitala yomwe ikadali ndi moyo wa zaka zingapo, palibe angausiye, ndiye kuti kuyambira pachiyambi munkagula pa ngongole. Ukakhala wolembedwa kuti "mtengo wa pamsika pa nthawiyo", nkhani ndi ina. Pa lendi ya miyezi 24 ija, mtengowo ukhoza kukhala K40 miliyoni, ndipo K36 miliyoni yomwe munalipira siichotsedwapo. Alimi omwe ankaganiza kuti akulipira pang'onopang'ono katundu wawo amadzidzimuka apa, ndipo n'zopweteka, chifukwa funso limodzi pa tsiku losaina likanawapulumutsa. Funsani kuti mtengowo ndi zingati, kapena adzauwerengera ndani ndipo motani, ndipo yankho lilembedwe m'panganomo.

Onaninso ndalama yomwe mtengowo walembedwamo. Makina ambiri amachokera kunja, choncho ena amamangirira mitengo yawo ku dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense yemwe anali ndi pangano lotere anafunika makwacha ochuluka kwambiri kuposa omwe anakonzekera.

Ine ndimaona kuti kopaletivi yomwe ili ndi ntchito ya thirakitala chaka chonse, kulima, kukoka ngolo ya zokolola, kupereka lendi kwa ena, komanso ili ndi makaniko wodalirika pafupi, ipindula ndi fainansi lizi yokhala ndi mtengo wogulira wolembedwa m'manambala. Yomwe ikufuna makina a nyengo imodzi kapena ziwiri isadzimangirire zaka zinayi. Ndipo popeza ndalama za mlimi zimabwera akagulitsa mbewu, pemphani kuti malipiro aakulu aikidwe m'miyezi yokolola, chifukwa kulephera kulipira mu Febuluwale kungachititse banki kutenga thirakitala yake, mwayi wogula nkuthera pomwepo.