Kodi Dokotala Adapatsadi Mwana wa Kino Poizoni?

Wophunzira wa Fomu 3 akauzidwa kuti alembe lipoti la buku la The Pearl, kawirikawiri pamatuluka chiganizo chonga ichi: "Dokotala woipa mtima uja adapatsa mwana wa Kino poizoni kuti adye nawo ndalama za ngale." Chiganizochi n'chokoma kuchimva, ndipo anthu ambiri amene adawerenga bukuli akhoza kuvomereza. Koma mphunzitsi wamaso akhoza kuchilemba mzere kunsi ndi cholembera chofiira, n'kufunsa kuti: zimenezi zili pa tsamba liti?

Bukuli adalemba ndi John Steinbeck wa ku America, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1947. Ndi lalifupi, la mitu isanu ndi umodzi, ndipo ophunzira ambiri a m'sekondale za m'Malawi amakumana nalo pokonzekera mayeso a MSCE. Nkhani yake idachitikira ku La Paz m'dziko la Mexico, kumene Kino, mmphawi wokhalira kusaka ngale pansi pa nyanja, amakhala ndi mkazi wake Juana ndi khanda lawo Coyotito.

Zimene Steinbeck adalemba pa nkhani ya dokotalayo ndi izi. Chinkhanira chitaluma Coyotito, Juana adayamwa pabalapo kuti achotse ululu. Banjali lidapita kwa dokotala, koma lidabwezedwa pachipata poti lidalibe ndalama. Tsiku lomwelo Kino adapeza ngale yaikulu, mbiri idawanda m'tauni, ndipo madzulo dokotala uja adatulukira yekha pakhomo pa Kino. Apa n'kuti chotupa cha mwanayo chitayamba kale kuphwa. Dokotala adammwetsa ufa woyera wa m'kapisozi, nanena kuti abweranso pakatha ola limodzi. Mwanayo adadwala kwambiri mpaka kusanza, dokotala adabweradi, nammwetsa madzi odontheza mankhwala ena, mwana n'kupeza bwino. Kino adakayikira ufa uja. Koma mlembi sadanene paliponse mosapsatira kuti udali poizoni. Adangoyala zinthu motsatana, n'kusiyira wowerenga kuti agamule yekha.

Choncho chiganizo cha wophunzira uja chanyamula zinthu zitatu zosiyana. Zoti dokotala adammwetsa mwana mankhwala zili m'buku. Zoti mankhwalawo adali poizoni ndi zimene wophunzirayo waganiza ataona umboni. Zoti dokotalayo ndi woipa mtima ndi chigamulo chake. Choyambacho malo ake ndi m'chidule, pamene ziwiri zinazo ziyenera kudikira gawo la maganizo.

Njira yapafupi yosiyanitsira ndi ya chala. Pa chiganizo chilichonse cha m'chidule, wolemba adzifunse ngati angatsegule buku n'kuloza pamene zanenedwa. Akalozapo, chiganizocho chikhale. Akapezeka akufotokoza kuti "zikuchita kuonekeratu" kapena "aliyense akhoza kuona", ndiye kuti walowa kale m'maganizo ake.

Chovuta n'chakuti maganizo sabwera mogogoda. Ophunzira ambiri amadziwa kuti mawu oti "ndikuganiza kuti" saloledwa m'chidule, ndiye amawachotsa n'kumayesa kuti ntchito yatha. Komatu chigamulo chimatha kubisala m'liwu limodzi. Afotokozi ndiwo oyamba kuwayang'anitsitsa: wadyera, wopusa, wolimba mtima, womvetsa chisoni. Aneni nawonso amachita zomwezo. "Kino adakana mtengo wa ogula ngale" ndi chidule, koma "Kino adachita makani" ndi chiweruzo, ngakhale ziganizo zonse ziwiri zikunena chochitika chimodzi. Ndiye pali mlumikizi "chifukwa", amene amapusitsa ndi ophunzira anzeru omwe. Kulemba kuti Kino adamenya Juana atampeza akufuna kuponya ngale m'nyanja ndi kufotokoza zimene zidachitika. Kulemba kuti adammenya chifukwa adali atayamba kukonda chuma kuposa mkazi wake ndi kulowa mumtima mwa mpangankhani n'kumuyankhulira. Mwina n'zoona, koma n'zofunika kuziikira umboni, ndipo umboni sauika m'chidule.

Pali kamsampha kenanso. Ampangankhani nawo ali ndi maganizo awo. Juana amanena kuti ngaleyo ndi yoipa ndipo iwononga banja lawo. Mawu amenewa akhoza kulowa m'chidule, bola alembedwe kuti ndi a Juana: "Juana adauza mwamuna wake kuti ngaleyo iwawononga." Wophunzira akangolemba kuti "ngaleyo idali yatsoka", walanda maganizo a Juana n'kuwasandutsa choonadi cha buku lonse.

Chidule choyera cha theka lachiwiri la bukuli chikhoza kuyenda chonchi: "Kino adapita ndi ngale kwa ogula a m'tauni. Woyamba adatchula mapeso 1,000 pamene Kino ankayembekeza 50,000, ndipo ngakhale mtengo udakwera kufika 1,500, iye adakana. Usiku wina adapha munthu amene adamuukira mumdima. Adapeza bwato lake litabooledwa, nyumba yake n'kutenthedwa. Mkulu wake Juan Tomás adawabisa, kenaka banjali lidathawira kumapiri likulondoledwa ndi anthu atatu. Kino adawapha onse, koma chipolopolo cha mmodzi wa iwo chidapha Coyotito. Kino ndi Juana adabwerera ku La Paz, ndipo Kino adaponya ngale m'nyanja." M'ndimeyi mulibe chisoni, mulibe mkwiyo. Munthu amene amaona Kino ngati ngwazi ndi amene amamuona ngati wouma mutu, onse akhoza kuivomereza. Ziganizo zonga izi zisanu ndi ziwiri kapena khumi zimakwanira. Chidule chikadzaza masamba awiri, gawo la maganizo limatsala ndi mizere itatu yolembedwa mothamanga, pamene m'menemo ndi mmene mphunzitsi amaoneramo ngati mwana wawerenga ndi mutu wake.

Gawo la maganizo liyambe pa ndime yatsopano, ndipo wowerenga adziwe kuti tsopano akumva wolemba lipotiyo. Kuno "ndikuona kuti" ndi mwini mudzi. Koma kungoti "bukuli ndi losangalatsa ndipo ndaphunziramo zambiri" sikunena kanthu, poti chiganizo chimenechi chikhoza kumatidwa pa buku lililonse m'laibulale. Ganizo lenileni limatchula mfundo imene wina angaitsutse, kenaka n'kubwerera m'buku kukatenga umboni.

Nkhani ya poizoni ija apa ndiye pakwawo. Wophunzira akhoza kulemba kuti: "Ndikukhulupirira kuti dokotala adadwalitsa Coyotito mwadala. Mwanayo adali atayamba kuchira asanamwe ufa woyera. Dokotala adaneneratu nthawi imene matenda adzabwerere, ndipo adabwereradi pa nthawi yomweyo. Komanso munthu amene adakana kuona mwanayo mmawa adabwera yekha madzulo atamva za ngale." Zochitika zatchulidwanso, koma tsopano zasankhidwa kuti zichirikize mfundo imodzi, osati kufotokozanso nkhani kuyambira pachiyambi. Ophunzira ambiri amaterereka pomwepa: amayamba bwino ndi "ndikuganiza kuti", koma pofika chiganizo chachitatu ayambiranso "kenaka… kenaka…". Mawu oti "kenaka" akachuluka m'gawo la maganizo, chidule chabwereranso.

Lipoti limalemera kwambiri wolemba akapereka mpata kwa womutsutsa. Amene akunena kuti Kino adalakwa kukana mapeso 1,500 ayenera kuvomereza kuti buku limanena poyera kuti ogula onse aja adali antchito a bwana mmodzi, ongonamizira kupikisana, ndiponso kuti chimodzi mwa zimene Kino ankafuna ndi choti mwana wake adzapite kusukulu akadziwe kuwerenga. Amene akumuikira kumbuyo naye sangalumphe usiku umene adamenya Juana m'mbali mwa nyanja. Ophunzira awiri a pa desiki imodzi akhoza kugamula mosiyana za Kino, onse n'kukhoza, pamene zidule zawo ziyenera kugwirizana pa mtengo wa ngale, chiwerengero cha omulondola, ndi amene adaiponya m'nyanja.